Salale ya mwini bizinesi ndi phindu lomwelo: funso la patinashipu ndi msonkho

"Akulu, ndine kalaliki kuno ku Mangochi boma ndipo ndikukonzekera pepala la msonkho la ICAM, bungwe la ma akauntanti. Funso landivuta ndi ili. A ndi B amagula usipa ku Makawa n'kumakagulitsa ku Limbe, ndipo amagawana phindu pa 3:2. Mabuku akuonetsa phindu la K20,000,000 atachotsa kale salale ya A ya K3,600,000, chiwongoladzanja cha 10 peresenti pa mpamba (A anaika K10,000,000, B anaika K20,000,000) ndi dipirisiyeshoni ya K2,400,000. Makapito alawansi ndi K1,400,000. M'chakamo A anatapa K9,000,000, B anatapa K4,000,000. Msonkho wake: K1,800,000 yoyamba palibe, K4,200,000 yotsatira 25 peresenti, K24,600,000 yotsatira 30 peresenti, yapamwamba 35 peresenti. Ine ndinagawa K20,000,000 ija n'kupeza msonkho wa K2,850,000 ndi K1,650,000, koma aphunzitsi akuti ndi K4,410,000 ndi K2,370,000. Ndasokonekera pati?"

Achemwali, masamu anu a msonkho alibe vuto. Mwawerengera bwino ndithu, kungoti mwawerengera pa ndalama yolakwika. Wokonza funso anakutcherani msampha pa mawu awiri okha, "atachotsa kale", ndipo ambiri amakodwa pomwepo.

Tiyambe ndi chimene chimapangitsa funso lonseli kukhala momwe liliri. Pa malamulo a msonkho a kuno kwathu, patinashipu, bizinesi ya anthu ogwirizana kugawana phindu monga A ndi B, siilipira msonkho payokha ngati mmene kampani imachitira. Eni ake amapereka ku MRA chikalata chimodzi choonetsa phindu la bizinesi yonse, koma msonkho umagwera munthu aliyense payekha, pa gawo lake. Ndiye taganizani: ngati bizinesi ndi A ndi B omwewo, A angadzilembe bwanji ntchito yekha? Dalaivala wa lole yonyamula usipa ndi wantchito, malipiro ake ndi ndalama yotuluka mu bizinesi ndipo imachotsedwa pa phindu. Koma A si wantchito, ndi mwini. Ndalama imene akuitcha salale ndi njira imene awiriwa anagwirizana yomupatsira gawo lokulirapo chifukwa ndiye amagona pa doko kudikira mabwato pamene mnzake ali kunyumba. Chimodzimodzi chiwongoladzanja cha pa mpamba: B anaika ndalama zambiri, ndiye anagwirizana kuti aziyamba watapa kanthu asanagawane zotsala. Zonse ziwirizi ndi phindu lomwe lagawidwa msanga, si zowonongera pa bizinesi ayi.

Choncho K20,000,000 ija si phindu lonse. Ndi zotsala, eni ake atatapapo kale. Ntchito yoyamba ndi kubwezera mumphika zonse zimene zinatapidwa. Bwezerani salale ya K3,600,000. Bwezerani chiwongoladzanja, chomwe ndi K1,000,000 ya A ndi K2,000,000 ya B. Apa mwafika pa K26,600,000.

Patsala dipirisiyeshoni. Imeneyi nkhani yake ndi ina, siikhudzana ndi eni bizinesi. Ndi ndalama imene wolemba mabuku amayerekeza kuti lole kapena filiji yatsika nayo mtengo m'chakamo, ndipo aliyense amayerekeza mwa iye yekha. Wina atha kunena kuti lole itha zaka zinayi, wina zaka khumi. A msonkho salola zimenezo. Amaikana dipirisiyeshoni yonse, m'malo mwake n'kupereka makapito alawansi owerengedwa pa mlingo umene lamulo linaika. Ndiye onjezani K2,400,000 kuti mufike pa K29,000,000, kenako chotsani K1,400,000. Phindu lokhomedwa msonkho la bizinesi yonse ndi K27,600,000. Nambala imeneyi muilembe poonekera ndipo muidule mzere kunsi, chifukwa mudzabwererakonso.

Tsopano kugawa, ndipo apa ndi pamene ndimafuna muchedwepo. Musathamangire 3:2. Reshiyo imagwira pa zotsala zokha, pangano la awiriwa litalemekezedwa. Jambulani tebulo la mizati itatu: wa A, wa B, ndi wa zonse pamodzi. Mzere woyamba ndi salale, A K3,600,000, B palibe. Mzere wachiwiri ndi chiwongoladzanja, A K1,000,000, B K2,000,000. Zimenezi pamodzi zakwana K6,600,000, ndipo mukazichotsa pa K27,600,000 patsala K21,000,000. Iyi ndiye yogawa pa 3:2. Magawo onse ndi asanu, gawo limodzi ndi K4,200,000, ndiye A atenga K12,600,000 ndipo B atenga K8,400,000. Mukaphatikiza mzati uliwonse kutsika m'munsi, A ali ndi K17,200,000, B ali ndi K10,400,000.

Mwina mukufunsa kuti nanga tinabwezeranji salale ndi chiwongoladzanja ngati tikuzichotsanso? Funso labwino, ndipo ophunzira ambiri amaona ngati ndi kuzungulira kopanda pake. Kusiyana kwake ndi uku: poyamba zinachotsedwa n'kusowa, ngati kuti zinapita kwa munthu wakunja. Tsopano tazichotsa pa mulu n'kuziika m'mizati ya eni ake, komwe zikakhomedwe msonkho. Inu munazisiya zitasowa. Ndicho chifukwa chake A wanu anali ndi K12,000,000 yokha pamene ndalama imene bizinesi yamupindulira, pa maso pa a msonkho, ndi K17,200,000.

Musanapitirire, phatikizani K17,200,000 ndi K10,400,000. Zikupereka K27,600,000, nambala yomwe munaidula mzere ija. Zikapanda kufanana, pali china chimene chatsalira kapena chawerengedwa kawiri, ndipo ndi bwino kuchipeza pano musanawononge nthawi pa msonkho. Koma ndikuchenjezeni, kayesedwe kameneka kali ndi malire ake. Pali kulakwitsa kumodzi komwe sikagwira. Munthu atha kupeza K27,600,000 molondola, kenako n'kuigawa yonse pa 3:2 osayamba wapatula salale ndi chiwongoladzanja. Apeza A K16,560,000 ndi B K11,040,000, ndipo ziwirizi zikaphatikizidwa zibwerera ndendende pa K27,600,000. Ngakhale msonkho wa onse awiri pamodzi utuluka wofanana ndi wolondola, popeza onse ali m'gawo la 30 peresenti. Pepala limaoneka laukhondo, mtima uli m'malo, koma K640,000 ya A yasamukira kwa B ndipo B akulipira K192,000 ya msonkho wa mnzake. Njira yokhayo yodzigwirira ndi kuyang'ana tebulo lanu: ngati funso latchula salale kapena chiwongoladzanja koma tebulo lili ndi mzere umodzi wokha, mwadumpha sitepe.

Nanga K9,000,000 ndi K4,000,000 zimene anatapa zija? Zisiyeni pomwe zili. Msonkho umakhomedwa pa phindu limene munthu wapata, kaya walitenga kukagulira malata kaya walisiya mu bizinesi kuti agulire usipa wina. B anangotapa K4,000,000 koma adzalipira pa K10,400,000 yonse. Wokonza mayeso amaika manambala amenewa dala kuti aone amene agwiritse ntchito chilichonse chimene wapatsidwa. Mungawakhudze pokhapokha funso litanena kuti anachotsedwa pa phindu ngati zowonongera, ndipo zikatero mumawabwezera monga tinachitira ndi salale.

Msonkho weniweniwo simuvutika nawo, mwaonetsa kale kuti mumautha. Kwa A, K1,800,000 yoyamba ilibe msonkho, K4,200,000 yotsatira ikupereka K1,050,000. Magawo awiriwa adya K6,000,000, ndiye patsala K11,200,000 yomwe pa 30 peresenti ikupereka K3,360,000. Zonse pamodzi K4,410,000. Kwa B, K1,050,000 yomweyo, kenako K4,400,000 yotsala pa 30 peresenti ndi K1,320,000, pamodzi K2,370,000. Aphunzitsi anu sananame.

Onani kuti aliyense wakwera makwerero a msonkho kuyambira pansi payekha. A ali ndi K1,800,000 yake yopanda msonkho, B nayenso ali ndi yake. Ena amawerengera msonkho pa K27,600,000 yonse ngati ya munthu mmodzi, n'kupeza K7,530,000, kenako n'kuigawa pa 3:2. Yankho lolondola la awiriwa pamodzi ndi K6,780,000. Kusiyana kwa K750,000 kwabwera chifukwa munthu mmodzi walandidwa magawo ake apansi. Kwa ine kulakwitsa uku ndi koipa kuposa kwanu, chifukwa kumasonyeza kuti wolembayo akuiona patinashipu ngati kampani, ndipo wochonga akaona zimenezo sakhala ndi poti n'kumupatsira malikisi a njira.

Pa za milingoyi, imene funso lanu lapereka ndi imene inayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024, yowerengedwa pa chaka. Anthu ambiri ankaidziwa pa mwezi, monga inkaonekera pa malipiro a antchito nthawi imeneyo: K150,000 yoyamba palibe, K350,000 yotsatira 25 peresenti, n'kumapita. Pepala likakupatsani ya pa mwezi, chulukitsani ndi 12 musanayambe, apo ayi muika phindu la chaka chonse pa makwerero a mwezi umodzi ndipo ndalama yambiri igwera pa 35 peresenti. Ndiponso musaloweze milingo. Imasinthasintha ndi bajeti ya boma; gwiritsani imene yasindikizidwa pa pepala la tsikulo, ngakhale itasiyana ndi imene mukuiona pa payisilipu yanu ku ofesi.

Funso lomweli limabwera litavala malaya ena, ndiye muzidziwiratu. Likati phindu ndi la "asanachotse" salale ndi chiwongoladzanja, musabwezere kanthu, chifukwa sizinachoke. Mukabwezera mwaziwerenga kawiri. Pitani molunjika ku dipirisiyeshoni ndi makapito alawansi, kenako tebulo. Likapanda kutchula pangano lililonse la kagawidwe, lamulo la patinashipu limati agawane mofanana, ngakhale wina anaika mpamba wochuluka, ndipo palibe salale. Likanena kuti mmodzi ali ndi ndalama ina yapadera, tinene kuti B amachititsa lendi nyumba ku Mpondasi, ndalamayo siilowa m'tebulo la kagawidwe. Mumaionjezera pa K10,400,000 yake tebulo litatha, musanayambe makwerero a msonkho, ndipo ngati panadulidwa kale msonkho wina polandira, umenewo mumauchotsa kumapeto pa msonkho womwe mwapeza, osati pa ndalama yokhomedwa.

Kuti muone ngati mwaigwira, lembaninso funso lomweli koma salale ija muipereke kwa B m'malo mwa A. Phindu la bizinesi likhalabe K27,600,000 ndipo zotsala zikhalabe K21,000,000. Muyenera kupeza A K13,600,000 ndi msonkho wa K3,330,000, B K14,000,000 ndi msonkho wa K3,450,000. Zikakana, nditumizireni tebulo lanu momwe liliri, osati yankho lokha.