Kulemba chipepeso kwa mnzanu wachisilamu pamene inu ndinu Mkhristu

"Ndine mphunzitsi ku Zomba, ndimapemphera ku CCAP. Aphunzitsi anzanga, omwe ndi Msilamu, ataya bambo awo ku Mangochi. Uthenga wandipeza Lolemba, maliro ataikidwa kale Loweruka. Ndikufuna kuika kakalata mu envulopu ya chipepeso. Ndinalemba kuti: 'Musalire, bambo ali m'manja mwa Yesu, tidzaonana nawo kumwamba. Yohane 14:1-3.' Koma mtima ukukana kutumiza. Ndilembe bwanji kuti ndisawakhumudwitse, komanso ndisakane chikhulupiriro changa?" Mayi wa ku Zomba

Mayi, mtima wanuwo wakuuzani zoona. Kakalatako musatumize momwe kalilimu, koma musakang'ambenso ndi manyazi, chifukwa cholakwika chake chachikulu n'chimodzi ndipo n'chosavuta kukonza: mwawauza anzanuwo kumene bambo awo ali. Pa maliro a chipembedzo china, imeneyo ndiyo nkhani yosiyira eni ake. Zina zonse, chisoni chanu, mbiri yabwino ya malemu, pemphero lanu pa otsala, muli nazo ufulu.

Tiyambe ndi Yesu, popeza ndi pamene pali ulusi wosachedwa kuduka. Asilamu amamulemekeza kwambiri. Amamutcha Isa mwana wa Mariyamu, mmodzi mwa aneneri akuluakulu, ndipo satchula dzina lake popanda kumufunira mtendere. Koma savomereza kuti ndi Mwana wa Mulungu, kapena kuti anapachikidwa pamtanda (zili mu Kurani, sura 4 ndime 157), kapena kuti chipulumutso cha munthu chimadzera mwa iye. Ndiye mawu oti "ali m'manja mwa Yesu", omwe kwa inu ndi chitonthozo choposa china chilichonse, kwa mwana wa malemu akhoza kumveka ngati mwawachotsa bambo ake mu mzikiti momwe anaswali moyo wawo wonse n'kuwalowetsa m'tchalitchi iwo sangathenso kuyankha. Vesi la Yohane 14 nalonso likunena za malo amene Yesu akukonzera omutsatira. Anzanuwo, poti ndi munthu wophunzira amene wakhala pakati pa Akhristu, mwina angomwetulira n'kunena kuti zikomo. Koma kalata ya maliro simathera m'manja mwa munthu mmodzi. Imawerengedwa pakhonde, pali amalume, pali amayi ofedwa, mwina pali ashehe.

Chachiwiri ambiri sachidziwa. Ngakhale mutachotsa dzina la Yesu n'kungolemba kuti "ali kumwamba tsopano", mwaphonyabe. M'chiphunzitso cha Chisilamu munthu akamwalira salowa ku Janna, kutanthauza paradizo, nthawi yomweyo. Amaikidwa m'manda, angelo awiri otchedwa Munkari ndi Nakiri amamufunsa za Mbuye wake, chipembedzo chake ndi mneneri wake, kenako amadikira mu nyengo yotchedwa barizaki mpaka tsiku la Kiyama, pamene akufa onse adzaukitsidwa ndi kuweruzidwa. N'chifukwa chake mukamvetsera Asilamu akupepesana, simudzamva akulengeza kuti uje wafika. Amapempha. Amati Allah awakhululukire, awachitire chifundo, awakulitsire manda, awapatse Janna. Ngakhale malemu anali munthu wosajomba ku mzikiti, mwana wake amawapempherabe chikhululuko, ndipo zimenezi sizisonyeza kuti akukayika za bambo ake, koma kuti chiweruzo wachisiyira Mulungu yekha. Ife a m'matchalitchi tinazolowera kulankhula motsimikiza pa maliro, kuti apita kukapuma, alandira korona. Kwa Msilamu kutsimikiza kotereku kumamveka ngati kulanda mpando wa Mulungu.

Nanga "musalire"? Awa ndingawachotse pa maliro a wina aliyense, koma pano pali chifukwa china. Chisilamu sichiletsa misozi. Zinalembedwa kuti Mneneri Muhamadi analira pamene mwana wake Ibrahimu amamwalira ali khanda, ndipo ananena kuti diso likukhetsa misozi, mtima uli ndi chisoni, koma sitinena china kupatula chokondweretsa Mbuye wathu. Chomwe chimaletsedwa ndi kubuma mokuwa, kudzimenya, kung'amba zovala ndi kulankhula modandaula ndi chiweruzo cha Mulungu. Apa ndi pamene mawu ena omwe timawakonda pa mauthenga a pa foni amagwa m'mbuna: "imfa ndiwe wankhanza", "apita nthawi yawo isanakwane", "Mulungu, chifukwa chiyani?" Msilamu amakhulupirira kuti aliyense ali ndi nthawi yake yoikika, yosachedwa ndiponso yosafulumira. Chomwe amafunirana pa nthawi yotere ndi sabiri, kutanthauza kupirira. Mukalemba kuti "Mulungu akupatseni kupirira", mwalankhula chinthu chomwe akhala akuchimva kwa abale awo kuyambira Loweruka, ndipo inu simunasiye kanthu pa chikhulupiriro chanu.

Malo ogwirizana ndi aakulu kuposa momwe mukuganizira. Msilamu akamva za imfa amanena kuti "Inna lillahi wa inna ilaihi rajiuna", mawu a mu sura 2 ndime 156, otanthauza kuti ife ndi ake a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Mkhristu wa CCAP angakane chiyani pamenepa? Mlaliki 12:7 akunena kuti mzimu umabwerera kwa Mulungu amene anaupereka. Palinso uthenga umene Mneneri Muhamadi anatumiza kwa mwana wake wamkazi pamene kamwana kake kanali kayakaya, wonena kuti chimene Mulungu watenga n'chake, chimene wapereka n'chake, chilichonse chili ndi nthawi yake kwa Iye, choncho apirire. Ikani mawu amenewa pambali pa Yobu 1:21, muona kuti ndi pachibale. Yobu yemweyo Asilamu amamudziwa, ndi mneneri Ayubu, chitsanzo cha kupirira.

Maganizo anga ndi akuti mulembe tanthauzolo m'Chichewa, Chiarabu muchisiye. Sikuti n'choletsedwa kwa inu, ndipo Asilamu ambiri amakondwa akamva mnzawo wachikhristu akuyesa. Koma mawu obwereka amaonekera, makamaka akalembedwa molakwika, ndipo tizithunzi ta zilembo za Chiarabu tomwe timayendayenda pa WhatsApp musatumize konse, popeza simudziwa chomwe talembedwa. Nambala ya vesi nayonso isiyeni, ya m'Baibulo kapena ya mu Kurani. Mukaika nambala, kalata imasanduka ulaliki. Dzina loti Mulungu likukwanira, Asilamu olankhula Chichewa amalitchula tsiku ndi tsiku pamodzi ndi loti Allah.

Kalata yanu ikhoza kukhala motere:

"Aphunzitsi, pepani kwambiri ndi zovuta zakugwerani. Uthenga wandipeza Lolemba, mutaika kale, n'chifukwa chake sindinaoneke. Bambo sindinakumane nawo, koma nthawi zonse mukamawatchula ku sukulu kuno zimaoneka kuti anali munthu amene munkamudalira. Tonse ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Ndikukupemphererani inu, amayi ndi banja lonse kuti Mulungu akupatseni kupirira. Kalasi yanu musade nayo nkhawa, tagawana mpaka mudzabwere. Landirani kangachepe aka."

Chiganizo chonena za bambowo musinthe kuti chigwirizane ndi zomwe mukudziwadi. Ngati munawaonapo, lembani chimene munaona, kaya anakulandirani ndi nsomba mutapita kunyanja, kaya anagulitsa mbuzi kuti mwana wawo aphunzire. Chiganizo chimenechi ndicho chidzawerengedwe kawiri. Kwa Msilamu chili ndi kulemera kwinanso, chifukwa pali chiphunzitso chodziwika chakuti munthu akamwalira ntchito zake zimaduka kupatula zitatu: chopereka chomwe chikupitiriza kuthandiza anthu, nzeru zomwe anthu akupindula nazo, ndi mwana wabwino womupempherera. Ndiye kuuza munthu kuti bambo ake anasiya mwana wophunzitsa ana a anthu ena si kushashalika chabe, mwakhudza pomwe iye mwini amaika chiyembekezo chake. Musachite kufotokoza chiphunzitsocho m'kalatamo, iye akuchidziwa kuposa inu.

Mwaona kuti pemphero ndaliika pa amoyo. Ndachita dala, poti ku CCAP simupempherera akufa, ndipo sindikufuna mulembe chinthu chomwe chikumbumtima chanu chikukana. Mkatolika, yemwe kupempherera akufa n'chizolowezi chake, akhoza kuwonjezera kuti "Mulungu awachitire chifundo" ndipo zingalandiridwe bwino. Mawu athu a masiku onse oti "mzimu wawo uuse mumtendere" sapweteka munthu, Asilamu ambiri kuno amawamva popanda vuto, koma si mawu awo, ndipo m'kalata ya pamwambayi palibe chasowa popanda iwo. Chenjezo la "ali kumwamba" lija likukhudzanso anzathu a Seventh Day ndi a Mboni za Yehova, omwe amaphunzitsa kuti akufa sadziwa kanthu mpaka kuuka. Kukhala ndi Baibulo limodzi sikutanthauza kuti mawu a pa maliro ndi amodzi.

Za kuchedwa musavutike nazo. Asilamu amaika maliro mwachangu, kawirikawiri tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndiye anazolowera kuti anzawo akutali amamva zonse zitatha. Masiku olira ndi atatu, ndipo ashehe ambiri amaphunzitsa kuti kupepesa kuchitike m'masiku amenewa kuti chilonda chisamatukulidwe, koma amapatula munthu yemwe anali kutali kapena wamva mochedwa. Inu muli m'gulu limeneli. Chokhacho, musadikire kuti abwerere ku ntchito. Tumizani mawuwo pa foni lero, pepala ndi envulopu zitsatire. Amayi ofedwawo nyengo yawo ndi yaitali, miyezi inayi ndi masiku khumi, imene amakhala pakhomo osayendayenda, choncho kuwatchula m'kalata ndi kuwatumizira moni patapita mwezi n'koyenera ndithu.

Khadi logula m'sitolo liyang'aneni mkati ndi kunja, chifukwa ambiri amakhala ndi mtanda, mngelo kapena vesi m'munsi. Pepala loyera la m'kope likuposa onsewo. Nkhata za maluwa si mwambo wa maliro achisilamu, ndalama imeneyo ilowe mu envulopu. Mukafuna kutumiza chakudya, shuga, mpunga ndi ufa sizifunsa mafunso, ndipo nkhuku ipite yamoyo kuti akazinge okha mwa malamulo awo.

Chomaliza ndi sadaka. Mabanja ambiri achisilamu ku Mangochi ndi ku Machinga, makamaka a gulu la Kadiriya, amasonkhana patapita masiku 40 kupempherera malemu ndi kudyetsa anthu, mwambo umene amautcha arubaini. Asilamu ena, omwe anthu amawatcha a Sukuti, amaukana kuti si wa m'chipembedzo, ndipo nkhaniyi yakanganitsapo mabanja. Ndiye m'kalata musalembe kuti "tidzaonana pa sadaka", simukudziwa mbali yomwe banjali lili. Lembani kuti "pakakhala mwambo wina uliwonse mundiuze", ndipo akakuitanani, tengani mpango wofunda kumutu mupite.