Shilingi ya ku Tanzania ndi makwacha angati? Dutsirani pa dola

"Ndimakaoda zitenje ku Kariakoo ku Dar es Salaam n'kumadzagulitsa ku Mzuzu. Pabolodi la kubanki ndimangoona dola, randi, paundi ndi yuro, shilingi palibe. Ndingadziwe bwanji mtengo wa chitenje m'makwacha ndisanagule?" Mayi wa ku Mzuzu

Mayi, mukufunika manambala awiri okha: mtengo wa dola imodzi m'makwacha, ndi mtengo wa dola yomweyo m'mashilingi. Manambala ndikulemba apawa ndi ophunzirira basi, inu muziika a tsiku lomwe mukuyenda.

Tinene kuti dola ili pa K1,750 kuno, ndipo ku Tanzania ili pa mashilingi 2,500. Ndiye kuti K1,750 ndi mashilingi 2,500 ndi ndalama yofanana, poti zonse zikugula dola imodzi. Gawani 1,750 ndi 2,500, mupeza 0.70. Shilingi imodzi ndi matambala 70. Chitenje cha mashilingi 20,000 ndiye 20,000 kuchulukitsa ndi 0.70, chomwe ndi K14,000.

Ambiri amasokonezeka kuti nambala yoyamba kulemba pafoni ndi iti. Mukatembenuza mupeza 1.43, yomwe si yabodza, koma ikuyankha funso lina: kwacha imodzi ikugula mashilingi angati. Mukaichulukitsa ndi 20,000 chitenje chija chioneka ngati cha K28,600. Mukakayika, yendani pang'onopang'ono. Mashilingi 20,000 kugawa ndi 2,500 ndi madola 8, ndipo madola 8 kuchulukitsa ndi 1,750 ndi K14,000. Ine ndimakonda njira iyiyi chifukwa dola mukuiona ndi maso pakati pa sitepe ziwirizo.

Koma K14,000 ija si imene ituluke m'chikwama mwanu. Bolodi lililonse limakhala ndi mitengo iwiri, womwe banki imagulira dola ndi womwe imagulitsira, ndipo pa ulendo wanu mumakumana ndi mbali yowawa kawiri. Kuno inu mukugula dola, ndiye tengani mtengo wokwerawo, tinene K1,750 pomwe wogulira uli K1,700. Ku Dar mukugulitsa dolayo, ndiye akupatsani wotsikawo, tinene mashilingi 2,450 pomwe wogulitsira uli 2,550. Tsopano gawani 1,750 ndi 2,450. Shilingi yafika pa 0.714, chitenje chafika pa K14,286. K286 pa chitenje chimodzi ikuoneka yochepa, koma pa zitenje 200 ndi K57,200, ndalama yomwe mukanaiyesa phindu.

Pobwerera zimapweteka kwambiri. Mashilingi 100,000 munawapeza ndi K71,429. Akakutsalirani n'kuwabweza kudzera pa dola, mugula dolayo pa 2,550 n'kudzaigulitsa kuno pa K1,700, mulandira K66,667 yokha. K4,762 yapita musanagule ngakhale ulusi. Choncho musamasinthe ndalama zambiri kuposa za katundu ndi zapanjira, ndipo ngati mukubwereranso posachedwa, mashilingi otsalawo asungeni.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna muchigwiritse, chifukwa chagwetsa mabizinesi a amayi ambiri oyenda m'malire. Powerengera, ikani mtengo womwe inuyo mwalipiradi, osati womwe mwaumva pa wailesi. Tonse tikudziwa mmene dola imavutira kupezeka kubanki m'dziko muno. Ngati dola inakufikani m'manja pa K4,000, shilingi yanu ndi 4,000 kugawa ndi 2,450, kapena kuti K1.63, ndipo chitenje chija mwachigula pafupifupi K32,650. Wina amene wachiwerengera pa K14,286 n'kuchigulitsa K25,000 amasangalala kuti wapindula, chonsecho akudya mpamba. Amadzazindikira pa ulendo wotsatira, ndalama yomweyo itagula katundu wochepa. Ndikukumbutseninso kuti lamulo limalola kusintha ndalama kubanki ndi kumalo okhala ndi chiphaso basi. Osintha a m'mbali mwa msewu angakupatseni ndalama zachinyengo, ndipo mulibe kokadandaula.

Mitengo iwiri ya dola ija, wa m'makwacha ndi wa m'mashilingi, ikhalenso ya tsiku limodzi. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti kamodzin'kamodzi, ndipo amene ankawerengera ndi nambala ya sabata yapitayo anagulitsa katundu motaya.

Njira yomweyi imagwira pa kwacha ya ku Zambia kapena metikali ya ku Mozambiki. Paundi ndi yuro n'zimene muyenera kusamala nazo, chifukwa pamsika wa kunja amazilemba motembenuza. Mukaona GBP/USD 1.30, akunena kuti paundi imodzi ikugula madola 1.30. Apa musagawe, chulukitsani: 1.30 ndi 1,750 ikupereka K2,275 pa paundi.

Mukapeza mtengo wa chitenje m'makwacha, onjezanipo thiransipoti, malo ogona ndi msonkho wa pa Songwe musanatchule mtengo wogulitsira.