Ntchito zitatu, miyendo iwiri: tebulo lake likhale lotani?

"Achimwene, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe ndipo ndinaphunzira zowerengera ndalama. Ntchito zandipeza zitatu nthawi imodzi. Kampani ya ku Old Town ikuti K620,000 yofika m'manja, fakitale ya ku Kanengo K540,000 ndi sikimu ya chipatala, bungwe la ku Mchinji K800,000 koma kontirakiti ya chaka chimodzi. Ndinajambula tebulo n'kumapereka mamalikisi, koma mutu wangoima. Nditani?"

Achemwali, mamalikisiwo afufuteni. Munthu akamapereka 8 uku, 6 uko, dzanja limatsatira kumene mtima wapita kale. Chilichonse chimene chingasanduke makwacha chisandutseni makwacha, cha mtunda chisanduke maola. Zokanika kuwerengeka tiziona pambuyo.

Ndalama zoyendera ndi za lendi zili m'munsizi ndangoyerekeza, inu muikemo zenizeni za mwezi uno. Ndawerengera masiku 22 a ntchito.

| | Old Town | Kanengo | Mchinji |
|---|---|---|---|
| Yofika m'manja | 620,000 | 540,000 | 800,000 |
| Thiransipoti | 132,000 | 44,000 | 100,000 |
| Lendi yachiwiri | 0 | 0 | 120,000 |
| Poto wachiwiri | 0 | 0 | 80,000 |
| Yotsala | 488,000 | 496,000 | 500,000 |
| Maola a pamsewu | 66 | 22 | 16 |

Mwaona? Pa makalata, Mchinji imaposa Kanengo ndi K260,000. Pa tebulo kusiyana kwatsala K4,000, ya shuga chabe. Ku Mchinji n'kutali makilomita oposa 100, simungamapite m'mawa n'kubwera madzulo. Ndiye kuti nyumba ziwiri, mbaula ziwiri, ndi ulendo wodzaona ana Lachisanu lililonse. Mukasamuka ndi ana omwe, mizere itatu ija isintha kwambiri ndipo Mchinji ikwera. Koma mungawachotse pasukulu chifukwa cha kontirakiti ya miyezi 12?

Mzere wa maola musaupeputse. Amene anakwerapo minibasi ya ku 25 nthawi ya m'mawa, kapena kudikira kuti idzaze madzulo kuli mvula, akudziwa kuti maola atatu pa tsiku si nthabwala. Pamwezi ndi maola 66, kuposa sabata yathunthu ya ntchito, ndipo palibe akulipirani. Komanso mafuta akakwera kapena kusowa, mtengo wa minibasi umadumpha tsiku lomwelo pamene malipiro amadikira chaka.

Tsopano funsani mabwana atatuwo mafunso ofanana. Loyamba: ndalama mwanenayi mwachotsamo kale msonkho ndi penshoni? Lamulo limati wantchito azisonkha 5 peresenti, bwana 10 peresenti. Ena akamati "yofika m'manja" amakhala achotsa msonkho wokha, ndiye peyisilipi yoyamba imakudzidzimutsani. Lachiwiri ndi la sikimu ya ku Kanengo ija: ndi ya inu nokha kapena ndi ana omwe, nanga kampani ikulipira yonse kapena theka? Imbirani a MASM kapena ena otero, mufunse kuti anthu atatu mungalipire zingati pamwezi mwa inu nokha. Gawo limene kampani ikulipira pa ndalama imeneyo lionjezereni pa mzere wa yotsala wa Kanengo. Lachitatu ndi nthawi yoyesedwa. Lamulo la ntchito la 2000 limalola kuti ifike miyezi 12, ndipo mkati mwake bwana akhoza kukuchotsani popanda notisi. Miyezi itatu ndi miyezi 12 si zofanana.

Pa zokwera udindo ndi pamene anthu amanamizidwa kwambiri, chifukwa pa intavyu aliyense amati "kuno mupita patali". Ine ndinamva mawu omwewo pa kampani ina, ndipo ndinakhala pa desiki imodzi zaka zinayi chifukwa pamwamba panga panali mphwake wa mwini kampani. Choncho mu tebulo lembani zokhazo zimene zili m'kalata. Ngati akuti adzakulipirirani mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama, alembe, ndipo alembenso kuti mudzakakamizidwa kuwagwirira ntchito zaka zingati mukakhoza. Funsaninso kuti amene anali pa mpandowo anapita kuti. Ngati anakwezedwa, njira ilipo. Ngati ndinu wachitatu pa zaka ziwiri, pali chimene chikuwathamangitsa.

Ndikanakhala inu, Old Town ndikanaichotsa poyamba, pokhapokha za maphunzirozo atazilemba. Mchinji ili ndi chake: kudziwa kulemba malipoti a ndalama za opereka thandizo kumatsegula zitseko m'mabungwe ena. Koma afunseni kuti ndalama za polojekitiyo zikutha liti, chifukwa kontirakiti imafera pomwepo. Akati zatsala zaka zitatu, ganizanipo bwino. Akayamba kuzungulira, tengani ya ku Kanengo, maola 44 amene mwapulumutsa pamwezi poyerekeza ndi Old Town muwerengere mayeso anu. Ndipo kumene muli panopa musatsanzike musanasaine kalata.