Khutu ndi pakhosi kupwetekera limodzi

"Abale, pakhosi pandiwawa kuyambira Lolemba, pano khutu lakumanja layambanso kubaya ndikameza. Ndigule mankhwala odontheza m'khutu?"

Ayi sisi musagule kaye, ine zimenezo zinandigoneka m'chipatala chifukwa cha bambo wina wogulitsa mankhwala pamsika wakwathu, mpaka lero ndikamuona mtima umandiwira. Ndinangomuuza kuti khutu likubaya komanso pakhosi pakuwawa, iye osandiuza nkomwe kuti tayasamulani ndione, anangotenga kabotolo ka madontho ndi timakapusozi tochepa kumangira mu pepala, akuti mawa mudzuka muli bwino mayi. Munthu wosaphunzira zachipatala koma kuyankhula ngati dokotala wamkulu, iye bola ndalama yalowa basi.

Ndiye ndinkangodontheza, khutu lili nyowee koma ululu ukungokwera. Usiku umene zinafika povuta sindidzauiwala. Malovu enieniwa ndinkalephera kumeza, ndinagona chokhala nditatsamira khoma kapu ili m'manja ndikulavuliramo, pena akangodutsa pang'ono pakhosi zimakhala ngati munthu wandibaya ndi singano mkati mwa khutu mpaka misozi. Kukamwa kunakana kutseguka, supuni ya phala imangogunda mano osalowa. Mawu anasintha, ndikaitana mwana wanga samamva zomwe ndikunena, thupi lili moto koma ndikunjenjemera mu bulangete, m'kamwa fungo loti ndekha ndimalimva.

Kuchipatala adokotala anasuzumira m'khutu ndi katochi kawo aja nkuti khutu lanu lilibe vuto mayi, ine ndinadabwa. Atakanikiza lilime anapeza kuti kuseri kwa tonsilo yakumanja kwadzaza mafinya, kanyama kolendewera pakati pakhosi kaja kakankhidwira kumanzere. Anapopera mankhwala ochititsa dzanzi nkukoka mafinyawo ndi jakisoni, kenako dilipi ndi mankhwala opha mabakiteriya. Khutu linayamba kuleka tsiku lomwelo osaligwira nkomwe.

Mmene anandifotokozera, pali mtsempha wa nambala 9 mwa mitsempha 12 yochokera ku ubongo mbali iliyonse, umenewu umamva za matonsilo ndi kumbuyo kwa lilime, koma nthambi yake ina imakalowa mkati mwa khutu kuseri kwa kanembanemba komvera kaja. Ndiye zili ngati nyumba ziwiri zolumikizidwa pa mita imodzi ya magetsi, ubongo umangoona kuti pali vuto koma kusiyanitsa kuti ndi nyumba iti umasokonezeka, nkumakuuzani kuti ndi khutu. Nchifukwa chake limabaya kwambiri pomeza. Njira ina ndi kapaipi kochoka kuseri kwa mphuno kukafika mkati mwa khutu, kaja kamati thoo mukayasamula. Chimfine chikakatupitsa mpweya sulowa, khutu limatseka, mumamva ngati muli m'madzi, pena nkuchita mafinya enieni. Ana ndi amene zimawachitikira kwambiri poti kapaipi kawo nkakafupi komanso kogona. Koma ngakhale apo madontho safikako, amathera kunja kwa kanembanemba, ndiye wogulitsa ujayo amandigulitsa chani kwenikweni?

Inuyo dziyeseni chonchi, kokani khutu kapena dinani kachichereŵechereŵe kakutsogolo kwa bowo. Likawawa kwambiri mwina vuto ndi lakunja kwa khutu komweko. Likapanda kuwawa, mukumva bwinobwino, silikutuluka kanthu, koma kubaya pomeza pokha, kawirikawiri ndi pakhosi.

Komanso musachite mantha nkuthamangira pamzere wa kuchipatala lero lomwe, zambiri ndi mavairasi zimatha zokha pa sabata imodzi. Panado wa 500 awiri, pakadutsa maola 6 awirinso, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku, kuchukucha pakhosi ndi madzi ofunda othira theka la kasupuni ka mchere nkulavula, kumwa madzi ambiri. Mafuta ophikira, madzi a anyezi, thonje, zonsezo m'khutu ayi, anthu mu gulupu muno akuuzani zimenezo ndikudziwa. Koma mukaona kuti kwatupa mbali imodzi, zala ziwiri sizikulowa pakati pa mano, malovu akukana kapena mawu asintha, nyamukani ngakhale usiku, kupuma kukavuta ndiye musadikirenso galimoto ya mawa. Akakupatsani penisilini wa masiku 10 malizani onse ngakhale mutapeza bwino, mabakiteriya ena apakhosi akasiyidwa amadzawononga mtima makamaka kwa ana, osati timakapusozi towerengera m'pepala tija.

China, ngati muli ndi m'bale wosuta fodya kapena wa kachasu amene khutu limodzi lamuwawa kupitirira masabata 3, m'khutu osapezamo kanthu, mawu asasa kapena pakhosi pali kachotupa, apite akamuone pakhosi bwinobwino, khansa yapakhosi nayo imayamba choncho. Inu sisi tauzeni, kukamwa kukutseguka bwino?