Bona fide ndi pro rata: kalembedwe kake ndi pamene ambiri amagwera

"Zikomo bambo. Ndine mlembi pa kampani ina yobwereketsa nyumba ku Zomba. Ndinalemba pangano la lendi, koma loya wathu wadula mzere pa mawu akuti bonafide ndi prorata. Kodi ndalakwitsa pati, poti ena amalembanso choncho? Ndipo bona fides ndi chinanso?"

Mayi, loya wanuyo sanakuvutitseni chabe. Onsewo ndi mawu awiriawiri a Chilatini, ndipo amalembedwa motalikirana: bona fide, pro rata. Musawalumikize, ndipo kamzere pakati sikafunika. Zilembo zikhale zazing'ono, pokhapokha ngati mawuwo akuyamba chiganizo. Mukafuna kuwapendeketsa pa kompyuta palibe cholakwa, ngakhale maloya ambiri anasiya kutero pa mawu ozolowereka ngati awa. Chofunika n'chakuti mukasankha njira imodzi muitsate mpaka tsamba lomaliza.

Bona fide amafotokoza mmene chinthu chachitikira: moona mtima, popanda chinyengo. Munthu amene wagula malo, walipira ndalama, osadziwa kuti wina anali kale ndi ufulu pa malowo, ndiye amatchedwa wogula bona fide. Bona fides, wa s uja, ndi dzina la kuona mtimako. Woweruza akhoza kukayikira bona fides ya mboni, koma sanganene kuti wogula ndi bona fides. Ambiri amaganiza kuti s ameneyu akusonyeza zinthu zambiri monga zimakhalira m'Chingerezi. Ayi ndithu, m'Chilatini fides ndi chinthu chimodzi. Zotsutsana nazo zimayenda chimodzimodzi: mala fide ndi mala fides.

Koma pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa pro rata, chifukwa apa ndi pamene anthu amakanganirana ndalama. Mawuwa ndi chidule cha pro rata parte, kutanthauza kugawa molingana ndi gawo lowerengedwa. Sakutanthauza kugawa mofanana. Ndipo paokha sanena kuti muwerengere pa chiyani. Ntchito imeneyo ndi ya inu wolemba.

Titenge nyumba ya lendi ya K150,000 pa mwezi. Wobwereka walowa pa 11 Juni. Juni ali ndi masiku 30, ndiye tsiku lililonse ndi K5,000. Kuyambira pa 11 mpaka pa 30 ndi masiku 20, choncho alipira K100,000. Apa palibe wodandaula.

Tsopano munthu yemweyo alowe pa 11 Febuluwale, chaka chimene mweziwu uli ndi masiku 28. Akhalamo masiku 18. Mwini nyumba agawa K150,000 ndi 28, achulukitsa ndi 18, apeza pafupifupi K96,429. Wobwereka nayenso anena kuti mwezi ndi masiku 30, ndiye K5,000 kuchulukitsa ndi 18, apeza K90,000. Onse awiri akuloza mawu omwewo m'pangano, koma asiyana ndi ndalama zoposa K6,000. Wina akhozanso kunena kuti tsiku lolandira makiyi lisawerengedwe, masiku n'kutsala 17. Mkangano wonsewu ukanapewedwa ndi chiganizo chimodzi chonena kuti lendi ya mwezi woyamba idzawerengedwa pa masiku enieni a mweziwo, kuphatikizapo tsiku lolowa. Mukalemba chotero, mawu a Chilatini aja mukhoza kuwasiya kapena kuwachotsa, tanthauzo silisintha.

N'chimodzimodzi pa tchuthi cha wantchito. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapereka masiku 18 pa chaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Wagwira miyezi inayi n'kusiya, gawo lake ndi 18 kuchulukitsa ndi 4, kugawa ndi 12, kupeza masiku 6. Koma bwanji ngati wagwira miyezi inayi ndi theka? Kalata yolembera ntchito inene ngati mukuwerenga miyezi yathunthu kapena masiku.

Ine maganizo anga ndi akuti Chilatini chisalowe m'pangano kuti lioneke lolemera. Tinachitengera ku malamulo a ku Mangalande, koma eni akewo mu 1999 anasintha malamulo oyendetsera milandu ya pakati pa anthu, n'kuchotsa mawu ambiri achikale ndi a Chilatini kuti munthu wamba azimva. Amene akusayina pangano lanu ndi mphunzitsi, namwino, wamalonda wa mumsika. Kumusayinitsa mawu amene sakuwamva si chilungamo. Bona fide musungeni pamene lamulo lenilenilo likumugwiritsa ntchito, monga pa wogula malo uja, chifukwa pamenepo makhoti anamasulira kale tanthauzo lake ndipo kusintha mawu kukhoza kubweretsa chikayiko.

Musanabweze pepalalo kwa loya, fufuzani mawu onse awiri m'chikalata chonse, mpaka m'mapepala owonjezera a kumapeto. Paliponse pali pro rata, dzifunseni ngati mwanena masiku ogawira ndi tsiku loyambira kuwerenga.