Nyumba ya ku Chibavi isagulitsidwe mwachinsinsi

Funso: "Azakhali, achimwene akuti nyumba ya ku Chibavi agulitsa chifukwa iwo ndi oyamba kubadwa, ndipo amayi apite kumudzi. Lendi akutolera okha chimwalirireni ababa. Kodi ife ana aakazi tilibe mawu?"

Yankho la azakhali, uthenga wa mawu:

Mwanangu, ndamva, ndipo usiku sindinagone nazo. Mawu muli nawo, nonse anayi. Mchimwene wanga uja sanasiye wilo, ndiye chimene chikugwira ntchito ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011. Lamulolo limaika patsogolo mkazi wa malemu ndi ana, ndipo silisiyanitsa mwana wamwamuna ndi wamkazi. Katundu wa m'nyumba, mipando, mbale, bedi lija amagonapo, amatsala ndi amayi ako. Zoti woyamba kubadwa ndiye mwini nyumba mulibemo.

Tsono mvetsera apa. Palibe amene angagulitse nyumbayo popanda kalata ya kukhoti yomupatsa mphamvu zoyendetsa chuma cha malemu. Mchimwene wako alibe kalata imeneyo, ndinamufunsa pamaso Lamlungu tikutuluka m'tchalitchi, anangoyang'ana pansi n'kumaseweretsa makiyi. Ndipo ngakhale ataipeza, sikuti nyumba yasanduka yake ayi. Amakhala wongosunga, woyenera kufotokoza ndalama iliyonse kwa inu. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, munthu amalowa nawo kundende.

Za lendizo tiwerengere limodzi. Zipinda zakuseri zija ndi zitatu, chilichonse K40,000 pamwezi, ndiye K120,000. Papita miyezi 8. Imeneyo ndi K960,000, koma amayi ako mankhwala a shuga akuchita kukongola kugolosale. Zimenezi ndi zimene zikundiwawa ine. Usayambe ndi kumunena kuti wakuba, atseka makutu. Umuuze kuti alembe mukope: walandira zingati, wagula chiyani. Mwina zina analipiradi madzi ndi za pamaliro, tizimve.

Mawa upite kwa amayi ako, mutsegule sutikesi yakuda ija ili pansi pa bedi. Muone mapepala a puloti alembedwa dzina la ndani, uwajambule pafoni, enieniwo asatuluke m'nyumba. Mutenge chikalata cha imfa ya ababa, zitupa zanu ndi mtchatho wa amayi, mupite ku ofesi ya Administrator General kapena ku Legal Aid Bureau mommuno mu Mzuzu, akakulongosolerani za kukhoti lalikulu. Ine ndingakonde pa kalatayo pakhale mayina awiri, amayi ako ndi mwana mmodzi amene nonse mwagwirizana, osati munthu mmodzi.

Ukangoona anthu achilendo akuzungulira mpanda ndi tepi, undiimbire nthawi yomweyo, tikadziwitse kumene pulotiyo inalembetsedwa kuti pali mkangano, asasinthe dzina.

Za kumudzizo, wawafunsa ndani amayiwo? Zaka zonsezi ali ku Chibavi, chipatala chili pafupi, anzawo a chigwirizano ali pompo. Loweruka ndibwera, tikhale pansi tonse, iwo ayambe kulankhula. Mchimwene wako ndimuimbira ndekha madzulo ano.