Fomu tinalipira koma akuti ndalama sakuiona

"Mwana wanga anaapulaya pa koleji ina muno mu Blantyre, ndalama ya fomu ndinakalipira ndine ku banki ku Limbe, fomu anakasiya yekha. Anzake aitanidwa ku intavyu koma iye zii, nditaimba foni akuti ndalama sakuiona. Ndiyambire pati? Ndine mayi wa ku Ndirande."

Mayi, musanakwere minibasi tatulutsani kaye kasilipi ka ku banki kaja muone pamene alemba dzina la wolipira. Ndikukayikira kuti pali dzina lanu osati la mwana, ndipo nkhani zambiri zotere zimathera pomwepo. Ku akauntsi kwa koleji amaona sitetimenti ya banki yokhala ndi mayina ambirimbiri, iwo akufuna dzina lomwe lili pa fomu, ndiye ngati inu ndi mwana muli ndi mayina a bambo osiyana ndalama ija imangokhala mu akaunti yawo yopanda mwini. Sinasowe ayi, sanailumikize ndi fomu basi.

Pali manambala amene anthu amawasokoneza. Ya pa silipi ndi ya banki, imangosonyeza kuti ndalama inalowa tsiku lakuti pa nthambi yakuti. Lisiti la koleji ndi pepala lina, makoleji ambiri amapereka mukakaonetsa silipi ku akauntsi, ndipo lili ndi nambala yakeyake. Kenako pali refarensi ya fomu, imene amalemba polandira fomu kapena imabwera pa imelo ngati munaapulaya pa intaneti. Mufunseni mwanayo kuti tsiku limene anakasiya fomu anamupatsa chani m'manja, chifukwa ana athuwa ena amangosiya envelopu kwa alonda pa geti nkumabwerako akuti zatheka. Ngati alibe lisiti la koleji ndiye kuti ulendo wanu uyambire ku akauntsi, osati kumene amasankha ophunzira, kumeneko angokubwezani.

Silipiyo ijambuleni pa foni lero lomwe ndipo mupange fotokopi ziwiri, timapepala ta makina tija timafufutika tikakhalitsa m'chikwama makamaka kukatentha. Yeniyeniyo muzionetsa chabe, osasiyira munthu. Ikakhala kuti yafufutika kale pitani ku nthambi yomwe munalipira ndi chitupa chanu cha unzika, muwauze tsiku, ndalama zake ndi akaunti ya koleji kuti akusakireni. Amene munalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, umboni wanu ndi meseji ija yokhala ndi nambala yaitali, musaidilite, ndipo ngati anakutumizirani ejenti meseji ili mu foni mwake, kaikopereni msanga.

Tsono popita, mupite awiri koma wolankhula akhale mwanayo poti fomu ndi yake. Mufike m'mawa cha m'ma 9 pakati pa sabata, nthawi ya lanchi ndi Lachisanu masana mungokhala pa benchi. Osayamba ndi "anthu inu mwadya ndalama yanga", amene ali pa windoyo si amene analakwitsa koma ndi amene angakuthandizeni. Apereke moni bwinobwino kenako anene kuti, "Pepani madamu, ndinasiya fomu pa 14 mwezi watha, ndalama analipira ndi mayi angawa m'dzina lawo, silipi ndi iyi, ndimapempha mundionereko ngati inalowa ndipo muilembe pa dzina langa." Mwaona, tsiku lilipo, dzina lilipo, nambala ilipo, munthu akhoza kusaka pompo. Akaipeza pemphani lisiti, mupite nalo ku ofesi yosankha ophunzira aliphatikize ku fomu, ndipo pa fotokopi yanu adindepo chidindo ndi deti. Mufunsenso ngati dzina lingalowe pa mndandanda wa intavyu imeneyi kapena mudikire gulu lina, poti kupezeka kwa ndalama sikutanthauza kuti mwana wasankhidwa, amayang'ananso mapointi ake a MSCE.

Akakuuzani kuti "mubwerenso", funsani mwaulemu kuti tsiku liti ndipo mukapeze ndani, mulembe kuseri kwa fotokopi ija, ndipo mubwere tsiku lomwelo. Kumangotulukira m'mawa uliwonse kumatopetsa anthu, amayamba kukuzembani, komanso thiransipoti ya anthu awiri si masewera. Mukabwerera kawiri palibe chosintha, lembani kalata yaifupi kwa Rejisitala, muikemo dzina la mwana, kosi yomwe anaapulaya, manambala onse muli nawo ndi masiku amene munabwera, muphatikize fotokopi ya silipi. Makope akhale awiri, ina adinde mubwere nayo kunyumba.

Wina akakutengerani pambali pa kolido kapena kukuimbirani kuti tumizani kenakake pa nambala yanga ndikukankhireni fayilo, musatumize, ndipo musalipirenso fomu kachiwiri akauntsi asanakuuzeni kuti yoyamba ija yathera pati. Ndalama iliyonse yovomerezeka imalowa mu akaunti ya koleji ndipo imatuluka ndi lisiti, okupemphani ndalama pambaliwo muwatchule m'kalata ya kwa Rejisitala ija.